Ndime imodzi, mapepala atatu: kupeza pamene chiyankhulo chanu chayamba kuthawa

Munthu akakhala zaka zingapo ku Joni, ku Mangalande kapena kwina kulikonse kunja, Chichewa chake sichitha tsiku limodzi. Mawu amawakumbukira ndithu, ndipo pafoni amacheza ndi abale popanda vuto. Chimene chimayamba kuguga ndi kalumikizidwe ka mawuwo, ndipo mwini wake sazindikira chifukwa pakamwa pali njira zambiri zozembera. Chiganizo chikakana kutuluka, amachisiya panjira n'kuyamba china chosavuta, kapena amaponyapo mawu a Chingerezi, nkhani n'kumapitirira. Chimodzimodzinso ndi chiyankhulo cha kumene akukhalako: amatha nacho kugwira ntchito, koma pali ziganizo zina zimene amazilambalala nthawi zonse. Kumasulira kandime kakafupi kupita ku chiyankhulo china n'kukabwezanso kumatseka njira zozemberazo, chifukwa zoti munene anakusankhirani kale munthu wina.

Ndimeyo isakhale yolemba nokha. Mukalemba nokha mudzangoikamo zimene mumazitha kale. Tengani yolembedwa ndi munthu amene Chichewa amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: uthenga wautali wa mbale wanu amene amalemba mosamala, kapena nkhani ya m'nyuzipepala ya Chichewa monga Boma Lathu. Ena amakonda Baibulo popeza mavesi ake amapezeka m'ziyankhulo zonse ziwiri. Nzabwino, koma Buku Lopatulika ndi la 1922 ndipo Chichewa chake n'chakale, choncho mungamadziimbe mlandu pa zinthu zimene lero palibe amanena choncho. Ziganizo zinayi kapena zisanu n'zokwanira. Ndime ikatalika, pofika poyerekeza mumakhala mutatopa, ndipo munthu wotopa amadzikhululukira msanga.

Pepala loyamba ndi ndimeyo monga mmene ilili. Pa pepala lachiwiri imasulireni m'chiyankhulo cha kumene muliko, osatsegula mtanthauziramawu, ndipo paliponse pamene mwakayika ikani kadontho pansi pa mawuwo. Kenako bisani pepala loyamba kwa masiku awiri kapena atatu. Apa ambiri amafulumira, koma mukabweza tsiku lomwelo mukhala mukuyesa kukumbukira zimene maso anaona, osati galamala, chifukwa ziganizo zimakhala zidakali m'mutu. Masikuwo akatha, tengani pepala lachiwiri lokha n'kulibweza m'Chichewa pa pepala lachitatu. Musafufute kanthu. Mukasintha maganizo, dulani ndi mzere umodzi kuti zimene zinayamba kubwera m'mutu zizionekabe.

Tiyerekeze kuti ndime yoyamba inali iyi: "Mphwanga, ndalandira ndalama zimene unanditumizira sabata yatha. Ndawagulira amayi mankhwala, ndipo zotsalazo ndalipirira ana fizi. Mvula ikanagwa msanga tikanadzala kale, koma mbewu zikadali m'nyumba. Ukadzabwera udzawabweretsere agogo bulangeti, chifukwa amadandaula kuzizira usiku."

Itapita ku Chingerezi n'kubwerera, munthu amene wakhalitsa kunja angathe kulemba chonchi: "Mphwanga, ndinalandira ndalama amene unatumiza kwa ine sabata yatha. Ndinagula mankhwala a amayi, ndipo ndi ndalama zotsala ndinalipira fizi ya ana. Mvula sinagwe msanga, ndiye sitinadzale, mbewu zili m'nyumba. Ukabwera ubweretse bulangeti la agogo, chifukwa akudandaula kuzizira usiku."

Mukaiwerenga mothamanga, ndime yachiwiriyi ikumveka. Aliyense angadziwe kuti ndalama zinafika, mvula yachedwa, agogo akufuna chofunda. Chinyengo chimalowera pamenepa: munthu amati "tanthauzo ndi lomwelo" n'kupinda mapepala. Poyerekeza musamayende ndi chiganizo chathunthu. Ikani chala pa mneni woyamba wa pepala loyamba, pezani mnzake pa pepala lachitatu, ndipo muyang'ane zidutswa zake chimodzichimodzi: chakutsogolo chosonyeza wochita, chapakati chosonyeza nthawi ndi wochitiridwa, ndi chakumapeto. Galamala yambiri ya Chichewa imakhala m'kati mwa mneni.

Cholakwa choonekeratu chilipo chimodzi chokha, "ndalama amene". Dzina lakuti ndalama limayenda ndi zi-, choncho timati zimene kapena zomwe. Chingerezi chilibe magulu a mayina, ndiye munthu amayamba kugwiritsa ntchito "amene" pa chilichonse, anthu ndi zinthu zomwe. Cholakwa chotere n'chosavuta kuchivomereza, komanso sichichedwa kukonzeka.

Zofunika kwambiri ndi zimene sizikuoneka ngati zolakwa. Taonani kachidutswa ka -ir- kapena -er- kosonyeza kuti ntchito ikuchitidwira wina. M'ndime yoyamba kalimo kanayi: unanditumizira, ndawagulira, ndalipirira, udzawabweretsere. M'ndime yobwererayo mulibe ngakhale kamodzi. Wolembayo wakalowetsa m'malo ndi "kwa ine" ndiponso ndi "a" kapena "la" wosonyeza umwini, kutsatira mmene Chingerezi chimachitira poika kamawu kapadera patsogolo pa munthu wolandira. Palibe chiganizo chothyoka, koma tanthauzo lasuntha. "Udzawabweretsere agogo bulangeti" ndi pempho loti muwagulire mphatso. "Ubweretse bulangeti la agogo" akumveka ngati bulangetilo ndi lawo kale, inu munalitenga, ndipo akufuna mulibweze. Kachidutswa kakasowa kamodzi ingakhale ngozi chabe, koma kakasowa kanayi m'ziganizo zinayi ndiye kuti mutu wanu unasiya kukapanga wokha.

Chiganizo cha mvula nacho chazembedwa. "Ikanagwa ... tikanadzala" chimanena za chinthu chimene sichinachitike, ndipo muli kudandaula m'kati mwake. Wobwezayo waphwanya chiganizocho kukhala nkhani yowongoka: sinagwe, ndiye sitinadzale. Zoona zake n'zomwezo, koma -kana- wathawidwa. Apa muyenera kudzifunsa mosabisa: kodi ndinasankha kulemba chonchi, kapena sindikanatha kulemba mwa njira inayo? Yankho lili pa madontho aja. Ngati pamenepo munaika kadontho, kapena munayamba chiganizo n'kuchidula, ndiye kuti munazemba. "Zikadali" kusanduka "zili" ndi vuto la mtundu womwewo: lingaliro lakuti zinthu sizinasinthe mpaka pano latayika.

Pa nthawi za aneni musathamangire kuweruza Chichewa chanu musanayang'ane pepala lachiwiri. "Ndalandira" wasanduka "ndinalandira", "amadandaula" wasanduka "akudandaula". Chingerezi chimatha kusiyanitsa zonsezi, chochitika kumene ndi chochitika kale, chizolowezi ndi chimene chikuchitika pano. Ngati pa pepala lachiwiri munalemba kale nthawi yolakwika, ndiye kuti pobweza munamasulira mokhulupirika zimene munaziona, ndipo dzenje lili m'Chingerezi chanu. Ngati pa pepala lachiwiri nthawi inali yolondola, dzenje lili m'Chichewa. N'chifukwa chake pepala lapakatili silitayidwa. "Ukadzabwera" kusanduka "ukabwera" ndi nkhani ina: Chingerezi chilibe kachidutswa kofanana ndi -dza- kolozera tsiku lam'tsogolo ndithu, choncho akhoza kutayika ngakhale kwa munthu wodziwa bwino ziyankhulo zonse ziwiri. Pamenepo musadzidule malikisi, ingolembani pambali kuti apa ziyankhulozi sizikumana.

Kuona mtima kulinso ndi mbali ina imene anthu amaiwala, yosadzinamizira zolakwa. Mukalemba "zomwe" pamene panali "zimene", "kubzala" pamene panali "kudzala", kapena "udanditumizira" pamene panali "unanditumizira", simunalakwe. Ndi kusiyana kwa kayankhulidwe ka madera ndi kalembedwe ka anthu. Zoti mawu ena alembedwe molumikiza kapena motalikitsa, kapena kuti pakhale ŵ kapena w, ndi nkhani ya kalembedwe, imene kwathu imayang'aniridwa ndi bungwe loona za ziyankhulo ku Zomba lomwe linalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Zimenezo ziikeni padera, musazisakanize ndi galamala, apo ayi pepala lidzafiira ndi zinthu zazing'ono, mavuto enieni n'kubisala.

Njirayi ili ndi malire ake amene muyenera kuwadziwa. Pepala lachitatu likhoza kufanana ndendende ndi loyamba pamene lapakati ndi loipa. Zimachitika munthu akamasulira liwu ndi liwu: Chingerezi chake chimakhala Chichewa chovala mawu a Chingerezi, ndiye kuchibweza n'kosavuta. Choncho kufanana kwa mapepala awiriwo sikutsimikizira chilichonse pa chiyankhulo chachiwiricho. Pepala lapakati lipatseni munthu amene chiyankhulocho anabadwa nacho, osamuonetsa loyamba. Musamufunse ngati zili bwino, chifukwa mwaulemu adzangoti inde. M'pempheni akuuzeni m'mawu ake zimene wamva, ndani wagulira ndani chiyani ndipo liti, kenako aloze chiganizo chimodzi chimene iye sangachinene choncho. Pepala lachitatu nalo mukhoza kuwerengera mbale wa kumudzi pafoni ndi funso lomwelo. Akaseka pa bulangeti la agogo, mwadziwa.

Mlungu wotsatira tembenuzani ulendo. Yambani ndi kandime ka chiyankhulo cha kumene muliko, monga kalata yochokera kusukulu ya mwana kapena kwa eni nyumba, mupite nako ku Chichewa, mudikire masiku aja, mubwerere. Ngati ndi Chingerezi, yembekezerani kutaya zinthu zimene Chichewa sichisunga. Ife tili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye pobwerera mukhoza kusandutsa aphunzitsi aakazi kukhala aamuna. Tilibenso timawu tating'ono timene Chingerezi chimaika patsogolo pa dzina posonyeza ngati chinthucho n'chodziwika kale kapena ayi, ndipo timeneti ndi timene timasowa kwambiri pa pepala lachitatu. Amene muli pakati pa oyankhula Chizulu kapena Chikhosa vuto lanu ndi lina: magulu a mayina nawo ali nawo, koma safanana ndi athu, ndipo kufanana pang'onoko n'kumene kumapusitsa.

Mukamaliza kuyerekeza musayese kukonza zonse. Sankhani dzenje limodzi limene labwera kangapo, monga -ir- uja, ndipo mulembe ziganizo zanuzanu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zonena za moyo wanu weniweni: amene munamuphikira, amene munamulembera kalata, amene mudzamutumizire katundu. Pakapita milungu iwiri fufuzani ndime ina yatsopano imene ili ndi kachidutswa komweko, osati yakale ija chifukwa imeneyo mwailoweza, n'kuyendanso nayo ulendo wa mapepala atatu. Lembani tsiku pa pepala lililonse ndipo muwasunge pamodzi, kuti podzayerekeza mudzadalire zolembedwa osati mmene mukudzimvera.