Ntchito yolipira ndi nyumba ndi chakudya

"Andiitana ntchito ya pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, akuti malipiro ndi K300,000 koma gawo lina ndi nyumba ndi chakudya. Ndiwerengere bwanji?"

Musanayambe, khalani ndi kalata ya ntchitoyo ndiponso mitengo ya lendi ndi chimanga m'deralo.

1. Pemphani kuti alembe padera ndalama zimene muzilandira m'manja, mwachitsanzo K200,000, ndi mtengo umene aika pa nyumba ndi chakudya.

2. Yerekezani mtengowo ndi wa pamsika. Ngati nyumba aiwerengera K70,000 pomwe yofanana nayo imachitidwa lendi pa K40,000, malipiro anu enieni atsika ndi K30,000 mwezi uliwonse.

3. Funsani kuti ndalama za penshoni ndi zolandira ntchito ikatha aziwerengera pa ndalama iti. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti ndi pa K300,000 yonse, chonsecho penshoni akhoza kuiwerengera pa malipiro oyambira okha.

4. Funsani amene azilipira madzi, magetsi ndi kukonza nyumbayo.

5. Musasaine asanalembe masiku amene mudzapatsidwe kuti musamuke ntchito ikatha, popeza nyumba yoteroyo imatha pamodzi ndi ntchito.