Momwe mungapangire likiya wa mandimu pakhomo

Mukakhala pa bala ya m'maloji a ku Senga Bay, mumaona mabotolo ena omwe mowa wake amathira pang'ono chabe m'tambula. Ameneyo ndi likiya: mowa waukali womwe aupatsa fungo la chipatso, khofi kapena zitsamba, kenaka n'kuutsekemeretsa ndi shuga. Amarula wa ku South Africa, wa zipatso za mfula ndi kirimu, ali m'gulu lomweli. Wa mandimu, womwe ku Italy amamwa akatha kudya, ndiye wosavuta kupanga kuno ku Salima.

Pezani botolo la vodika la mamililita 750 la mphamvu ya 40 peresenti, mandimu 8, shuga magalamu 250 ndi botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu. Kachasu ayi. Mphamvu yake siidziwika, ndipo fungo lake limakwirira la mandimu.

Ntchito yeniyeni ili pa kusenda. Tsukani mandimuwo, ndipo ndi mpeni wakuthwa muchotse kakhungu kapamwamba kokha, kopyapyala ngati tsamba. Mafuta onunkhira ali m'menemo. Mukakafinya pafupi ndi mphuno muona timadontho tikuthethekera m'mwamba. Choyera cham'kati chija n'chowawa. Ulendo wanga woyamba ndinasenda ngati ndikusenda chinangwa, ndipo zomwe zinatuluka zinkawawa ngati kwinini moti shuga sanaphule kanthu. Khungu likatuluka ndi zoyera, ligonekeni pa mbale muzipale.

Ikani makunguwo ndi vodika m'botolo la kukamwa kwakukulu lija, tsekani, ndi kuika m'kabati momwe simufika dzuwa. Muzikhutchumula kamodzi patsiku. Pakatha masiku 7 mpaka 10, mowa umasanduka wachikasu ndipo makungu amayezuka. Basi, sefani pa kansalu koyera.

Tsopano sungunulani shuga uja m'madzi otentha okwana mamililita 250. Azizire kaye, ndiye muthire mu mowa. Zonse pamodzi zipitirira lita pang'ono, ndipo mphamvu itsika kufika cha m'ma 26 peresenti. Ukachita mbuu musadandaule: ndi mafuta a mandimu omwe akulephera kusungunuka chifukwa madzi achuluka. Choopsa n'kuonjezera madzi ambiri kapena msuzi wa zipatso pofuna kuti uchuluke, chifukwa mowa wofooka suchedwa kusasa ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Mukaona thovu kapena nkhungu, tayani. Wabwinowo ugone sabata imodzi musanaulawe.

Posakaniza, likiya amagwira ntchito ya shuga, choncho amafuna chowawasa chochepetsa kutsekemerako. Dzazani tambula ndi ayisi, thirani likiya mamililita 50, finyiranimo theka la ndimu, kenaka soda wosatsekemera mamililita 150. Fanta kapena Sobo apa ayi, zingangokhala manyuchi. Wofuna chaukali achepetse likiya kufika 25 n'kuikapo jini 25.

Kutsekemerako kumabisa ukali, ndipo tambula imodziyi siisiyana kwenikweni ndi botolo limodzi la mowa wamba. Botololo mulilembe dzina ndi kulibisa patali, poti mtundu wake mwana angauyese sikwashi.