Uthenga wotsanzika pa gulu la kuntchito

"Lachisanu nditsiriza ntchito ku ofesi kuno ku Kasungu, andisamutsira ku Mchinji. Nditsanzike bwanji pa WhatsApp?"

Musanayambe, kawonaneni ndi abwana anu maso ndi maso, ndipo mafayilo ndi makiyi mukhale mutapereka kale.

1. Tchulani tsiku lomaliza ndi komwe mukupita. Chiganizo chimodzi chikwana.

2. Thokozani potchula chinthu chimodzi chenicheni, ndicho anthu amakumbukira. Musaiwale alonda ndi amesenjala.

3. Nenani amene atenge ntchito zanu.

4. Ikani tizithunzi tiwiri basi, kumapeto kwa ziganizo: 🙏 pothokoza, 😊 potseka. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa. Mukadzaza 😭 anthu amayamba kufunsa ngati kwagwa zovuta, ndipo 🎉 amaoneka ngati mwakondwa kuwathawa. ❤️ musaike, pagulupo pali akuluakulu.

5. Tumizani m'mawa, kuti ofuna kukugwirani chanza akupezeni musanaweruke.

Mwachitsanzo: "Akuluakulu ndi anzanga nonse, lero ndi tsiku langa lomaliza, ndikusamukira ku Mchinji. Zikomo pondiyendera muja ndinagonekedwa m'chipatala, sindidzaiwala 🙏 Za malipoti muzionana ndi akalaliki. Pomwe ndinakulakwirani mundikhululukire. Tsalani bwino 😊"