Momwe ndinayankhira ndemanga pa ndandanda ya katundu wa magetsi

Tinapanga ndandanda ya magetsi ya mafulati 12, oyang'anira mapulani anaibweza ndi ndemanga yoti 0.6 yomwe tinachulukitsa pa chiwonkhetso ilibe maziko. Poyamba ndinangolemba kalata yofotokoza kuti anthu sayatsa zonse nthawi imodzi, anaikana. Kenako ndinakweza kufika 0.8, chingwe chachikulu chinakula mtengo nkukwera koma funso lawo linali lomwe lija.

Chomwe chinathandiza ndi kusiya nambala imodzi ija nkuwerengera mtundu uliwonse pawokha potsata malangizo a m'nyumba a mu On-Site Guide, buku lothandizira BS 7671, malamulo a ku Britain oyikira mawaya a magetsi, mzere uliwonse ndi gwero lake pambali. Pa magetsi owunikira umatenga 66%. Kuka yophikira ndiye inandidya nthawi, ya 8 kW pa 230 V imakoka 34.8 A, umatenga 10 A yoyamba yonse, kuwonjezera 30% ya yotsalayo ndi 5 A ngati pa switchi yake pali soketi:

```
10 + 0.3 × 24.8 + 5 = 22.4 A
```

Giza ya thermostat siyichotseredwa kanthu, imalowa yonse 100%, ndipo apa mpomwe 0.6 ija inkabisa vuto chifukwa m'mawa magiza onse amayaka limodzi anthu akamasamba, ameneyo ndi katundu weniweni osati wapapepala ayi. Pampu ya madzi ndinaisiyanso yonse.

Ndinagawa mafulati anayi pa feizi iliyonse mwa mafeizi atatu a magetsi, nkuyankha ndemanga iliyonse ndi nambala yake komanso tsamba lomwe lasintha. Pa kuwerengera kumeneku ndalama sizinapite, Excel basi. Anavomereza, chingwe chinangokwera saizi imodzi.