Kulemba pangiramu, chiganizo chokhala ndi zilembo zonse

"Ndingalembe bwanji pangiramu ya Chichewa? Ndikayesa, chilembo china chimasowa."

Choyamba, lembani zilembo 24 pamwamba pa pepala. Q ndi x zisiyeni, Chichewa sichizigwiritsa ntchito.

Kenako sakani mawu okhala ndi zilembo zovuta kupeza: j, v, f ndi r. Musataye nthawi ndi a kapena i, zimenezo zimabwera zokha. Ine ndinatenga "aja", "avala" ndi "chofiira", n'kulemba kuti "Agogo aja avala chipewa chofiira".

Tsopano khwatchani chilembo chilichonse chomwe chalowa. Pamenepa zakhwatchidwa 14, zatsala khumi: b, d, k, m, n, s, t, u, y, z. Mawu oti "akudya" achotsapo k, u, d, y. "Mbatata" ichotsa m, b, t. Zotsala zitatuzo zili mu "zisanu". Chiganizo chonse n'chakuti: "Agogo aja avala chipewa chofiira, akudya mbatata zisanu."

Mukasintha liwu limodzi lokha, yambiraninso kukhwatcha. Mukati "mbatata ziwiri", chiganizo chimamvekabe bwino, koma s ndi n zapita osazindikira.