Mmene mungatsitsire nyimbo kuti mawu a wolankhula azimveka bwino pa Audacity

Timalonda tambiri ta pa wailesi za m'madera komanso timauthenga tomwe anthu amatumizirana pa WhatsApp timakhala ndi vuto limodzi, nyimbo ya pansi imameza mawu. Munthu akutchula mtengo wa feteleza kapena tsiku la ukwati koma chomwe ukumva ndi besi ndi kiyibodi basi. Ena pofuna kukonza amangotsitsa nyimbo yonse mpaka imamveka ngati ikuchokera kwa aneba. Chofunika ndi choti nyimbo izitsika yokha munthu akayamba kulankhula, ndikubwereranso akasiya, ndipo pa Audacity, pulogalamu yaulere ija, pali chida cha ntchito imeneyi chotchedwa Auto Duck.

Tiyeni titenge malonda a masekondi 45 a shopu ya zipangizo zaulimi, mawu mwajambula ndi foni, nyimbo muli nayo kale.

Musanakhudze Auto Duck, yambani ndi mawuwo, chifukwa chidachi chimamvetsera thiraki ya mawu, mzere uja womwe mawu amaonekera pa Audacity, kuti chidziwe nthawi yotsitsa nyimbo, ndiye mawu akakhala auve nachonso chimasokonezeka. Lowetsani fayilo ya mawu, pezani kachigawo komwe simukulankhula, kasekondi kamodzi kapena kawiri komwe kukungomveka phokoso la m'chipinda, kasankheni, tsegulani Noise Reduction ndikudina Get Noise Profile. Kenako sankhani thiraki yonse, bwererani komweko muchotse phokosolo, koma osaonjeza, mukapyola kwambiri pa 12 dB, dB kukhala muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa phokoso, mawu amayamba kumveka achitsulochitsulo. Mukatero pangani Normalize pa -3 dB kuti mawu akhale ndi mphamvu yokwanira. Ngati wolankhulayo ndi uja amayamba chiganizo mokuwa ndikumaliza monong'ona, mudutsitseni kaye pa Compressor pang'ono, chifukwa timawu ta kumapeto ndi tomwe timayamba kusowa.

Tsopano lowetsani nyimbo. Apa ndi pomwe ambiri amakodwa: thiraki ya nyimbo ikhale PAMWAMBA, ya mawu ikhale pansi pake penipeni, pasakhale ina pakati. Audacity imatenga thiraki yomwe ili pansi pa yomwe mwasankha ngati yolamulira. Ngati zatembenuka, kokerani pansi thiraki ya mawu ndi mausi kapena gwiritsani ntchito Move Track Down pa kamenyu kake. Sunthani mawu kuti ayambe pa sekondi 4, nyimbo iyambe yaimba yokha kaye, ndipo kumapeto musiyenso masekondi atatu kapena anayi.

Chinanso musanapitirire, nyimbo zambiri zomwe timatsitsa pa intaneti zimabwera zokwera kale mpaka kudenga pomwe mawu a pa foni ndi ofooka, ndiye ndi bwino kuyitsitsa yonse ndi Amplify, mwina -6 dB, kuti poyambira pomwe isaposetse mawu.

Sankhani thiraki ya nyimbo YOKHA, osati zonse ziwiri, pitani pa Effect mupeze Auto Duck, pa Audacity zatsopano ili mkati mwa Volume and Compression. Mupeza manambala awa ali kale:

```
Duck amount: -12 dB
Maximum pause: 1 s
Outer fade down length: 0.5 s
Outer fade up length: 0.5 s
Threshold: -30 dB
```

Duck amount ndi kuchuluka kwa mmene nyimbo itsikire. Ine -12 ndimaiona yochepa pa malonda omwe anthu akamvere pa kasipika ka foni kapena mu minibasi, ndimayambira pa -16, nyimbo ikakhala yodzadza ndi magitala ndi ng'oma ndimafika -20. Kungodziwa, kutsitsa ndi 10 dB khutu limamva ngati voliyumu yatsika ndi theka, ndiye -20 ndi kutsika kwenikweni ndithu. Outer fade down ndi nthawi yomwe nyimbo imatenga kutsika mawu ASANAYAMBE, ndipo theka la sekondi ndi labwino chifukwa liwu loyamba limapeza njira ili yotsegula kale. Outer fade up ndimaikweza kufika pa sekondi imodzi kuti nyimbo ibwerere mwaulemu, isachite kudumpha. Palinso ma Inner fade awiri, amenewo asiyeni pa 0.

Koma zomwe zimapanga kapena kuononga ntchito ndi Maximum pause ndi Threshold.

Maximum pause ndi kutalika kwa kupuma komwe Audacity imakuona ngati munthu akadali kulankhula. Pa malonda athu aja wolankhula akuti "Alimi nonse tamverani," wapuma kupitirira sekondi, kenako "mbewu yafika." Ngati kupumako kwapitirira nambala yomwe mwaika, nyimbo ikwera msanga ndikutsikanso nthawi yomweyo, ndipo zikachitika pa chiganizo chilichonse womvera amamva nyimbo ikupuma wefuwefu, zotopetsa kumva. Mungazione ndi maso pa thiraki ya nyimbo, mumaoneka timapiri ting'onoting'ono pakati pa ziganizo. Ikani pa masekondi 2, timapiri timeneti tisowa, nyimbo izikwera pokhapo pomwe mwasiya dala mpata waukulu, monga pakati pa mitengo ya katundu ndi malo omwe shopu ili. Dziwaninso kuti nyimbo siikwera ngati mpatawo ndi waufupi kuposa ma Outer fade awiri mukawaphatikiza, ndiye pa 0.5 ndi 1 mpata wosakwana sekondi ndi theka sungaidzutse ngakhale Maximum pause mutaichepetsa bwanji.

Threshold ndi mlingo womwe Audacity imati apa pali mawu. Chilichonse chopitirira -30 dB pa thiraki ya pansi chimatengedwa ngati kulankhula, kaya ndi jenereta, fani, mvula pa malata kapena tambala wa kuseri. Ndiye mukaona nyimbo yatsika pomwe kujambula kwayambira osadzukanso mpaka kumapeto, dziwani kuti phokoso lanu lili pamwamba pa mlingowo. Sewerani kachigawo kopanda mawu muyang'ane mita, ngati ikuvina cha m'ma -27, ikani Threshold pa -22, kapena njira yachidule, sankhani mipatayo pa thiraki ya mawu ndikudina Ctrl+L kuti ikhale zii. Mbali inayo, mukakweza Threshold kwambiri timawu tofewa sitiwerengedwa, nyimbo imayamba kukwera munthu asanamalize kutchula nambala ya foni. Zikatero bwererani chakumunsi, -26 kapena -28.

Auto Duck imasintha thirakiyo kwenikweni, ndiye musaipange kawiri pamwamba pa inzake, nyimbo itsika kawiri. Simunakhutire, Ctrl+Z kaye ndiye muyesenso. Ndipo mukasuntha mawu pambuyo pake, maenje a mu nyimbo satsatira, muyenera kubwerezanso, nchifukwa chake iyi ikhale ntchito yomaliza mawu onse atadulidwa kale.

Nthawi zina mwatsitsa mpaka -20 koma mawu sakumvekabe bwino, apo vuto ndi nyimboyo. Zomwe zimatithandiza kusiyanitsa mawu, timaphokoso ngati s, t, k, zimakhala cha pakati pa 2 ndi 4 kHz, ndipo magitala, malipenga ndi oimba amakhalanso pomwepo. Nyimbo yokhala ndi woimba pansi pa wolankhula ili ngati anthu awiri kulankhula nthawi imodzi, sankhani ya zida zokhazokha. Ngati ikuphimbabe, tsegulani Filter Curve EQ pa nyimboyo mutsitse ndi 3 kapena 4 dB cha pa 3 kHz. Paja nyimbo za eni ake zili ndi malamulo, ngati malondawo akupita pa wailesi funsani za chilolezo ku COSOMA, bungwe loona za ufulu wa eni nyimbo.

Mukamaliza ikani Fade Out kumapeto, tulutsani MP3 kudzera pa Export, yang'anani kuti mita sikufika pofiira, ndiye mudzitumizire pa foni. Mahedifoni amanama, chilichonse chimamveka bwino mmenemo. Iyikeni pa sipika ya foni, voliyumu ya pakati, panja pomwe pali phokoso, mupatse munthu yemwe sanaonepo zomwe munalemba ndikumufunsa mtengo ndi nambala ya foni zomwe wamva. Akaphonya, bwererani mutsitse nyimbo ndi 3 dB ina.