Kunenerera mtengo pa imelo ya Chifalansa

"Kampani ya ku France yanditchulira mtengo wa 4,800 yuro. Ndinenerere bwanji osawakhumudwitsa?"

Yambani ndi "Bonjour Madame," kapena "Bonjour Monsieur," kenako thokozani: "Je vous remercie pour votre devis." Muziwatchula "vous", kutanthauza "inu", osati "tu", kutanthauza "iwe".

Mukatero nenani malire anu ndi nambala yeniyeni: "Notre budget ne nous permet pas de dépasser 4 500 € HT." Musaiwale HT, kutanthauza mtengo wopanda msonkho, chifukwa mukaisiya angaganize kuti mukunena wa TTC, wophatikiza msonkho.

Pempho lokha ndilo mufewetse: "Seriez-vous en mesure de revoir votre tarif ?" Mawu akuti "je veux", kutanthauza "ndikufuna", amamveka ngati kulamula.

Ikaninso tsiku loti akhale atakuyankhani lisanafike: "Merci de me répondre avant le 15 mars." Tsekani ndi "Cordialement," ndi dzina lanu.